Kuika malire pothandiza abale

"Ndimagwira ntchito pa boma la Kasungu. Abale akumudzi kwa Santhe amapempha mwezi ndi mwezi mpaka ndikulowa m'katapila. Nditani?"

Musanayambe, pezani mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba a miyezi itatu yapitayi. Ngati muli pabanja, khalani pansi nonse awiri.

1. Phatikizani zonse zimene munatumiza kumudzi.

2. Pa malipiro chotsani lendi, chakudya, magetsi, mayendedwe ndi fizi ya ana anu. Gawo la abale lichokere pa zotsalazo. Mwachitsanzo, ngati mwatsala ndi K70,000, abale aikireni K40,000.

3. Igaweni pawiri. K25,000 izipita kwa makolo tsiku lolandira, K15,000 muzisunga pa nambala ina kudikira matenda, maliro ndi feteleza wa mu Novembala. Pakatha miyezi khumi imakwana K150,000.

4. Sankhani munthu mmodzi wolandira, kaya amayi kapena amalume, ndipo onse adziwe kuti thandizo limadzera kwa iwowo. Mukamatumizira aliyense payekha, palibe amadziwa zimene mnzake walandira.

5. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Msuweni akaimba pakati pa mwezi, musanene kuti "ndiona", chifukwa kwathu kuno mawu amenewo amamveka ngati lonjezo, ndipo mawa aimbanso. Nenani kuti, "Asuweni, ya mwezi uno inapita kale kwa amayi, kambiranani nawo." Zikakhala za chipatala kapena maliro, tapani pa yosunga ija. Ikatha, perekani chimanga kapena mphamvu zanu, koma osakongola.