Musathamangire kutchula mulingo wa polo

Musanaweruze kuti mfundo imene fankishoni imasokonekera ndi yamtundu wanji, tambasulani kaye mndandanda wa Laurent, womwe umalemba fankishoni ngati kuphatikiza kwa mphamvu za z, ngakhale zochepera ziro, chifukwa mphamvu imene ili pansi pa kachigawo imanyenga ophunzira ambiri. Pa f(z) = (sin z)/z³, munthu wopupuluma amangoti z = 0 ndi polo ya mulingo 3, kutanthauza mfundo imene fankishoni imakula mopanda malire ngati 1/z³. Komatu sin z = z − z³/6 + z⁵/120 − …, ndipo tikagawa ndi z³ timapeza 1/z² − 1/6 + z²/120 − …, kotero mulingo wake ndi 2, popeza z ya pamwamba yafafaniza imodzi ya pansi. Rezidiyu, yomwe ndi nambala yochulukitsa 1/z mu mndandandawu, ndi 0 chifukwa gawo la 1/z palibe. Mphamvu zochepera ziro zikadapitirira osatha, monga pa e^(1/z), imeneyo sikadakhalanso polo, koma mfundo ya esensho.