Nthochi si dzira, siyani kuononga keke

Nyengo ya zikondwerero imeneyi ndaona makeke angapo ophikidwa popanda mazira ndipo ambiri vuto lake ndi limodzimodzi, kunja yapsa bwinobwino mpaka kuda, koma mukaidula pakati pali phalaphala, pansi pali kamzere kothina konyowa ngati dongo. Ndikafunsa kuti munachita bwanji yankho silisintha, akuti resipi imati mazira 4 ndiye ndinaika nthochi 4. Abale anga, anakuuzani ndani kuti nthochi imodzi ndi dzira limodzi?

Dzira lalikulu mukalichotsa chikamba limalemera pafupifupi magalamu 50. Nthochi yapakatikati yosenda imafika magalamu 100 kapena kuposa. Ndiye poyambira pomwe mwaika kale kawiri kuposa mlingo, ndipo zomwe mwaikazo ndi madzi, shuga ndi sitalichi. Koma nkhani yeniyeni si kulemera ayi. Dzira likamva moto limauma, aliyense anaphikapo dzira lobwatitsa akudziwa zimenezi. M'keke zimachitikanso chimodzimodzi, keke ikamafufuma mu uvuni timabowo ta mpweya timakula, kenako dzira lija limauma mozungulira timabowoto n'kutigwira kuti tisaphwe. Ndi mizati ya keke imeneyo. Nthochi ikamva moto siuma, imangofewa n'kusunga madzi ake. Mwachotsa mizati 4 n'kuikapo katundu wonyowa, keke iima bwanji?

Ndiye chimandinyasa kwambiri ndi chimene anthu amachita kachiwiri. Akaona kuti keke yoyamba sinafufume amati bekingipauda anachepa, ulendo winawo amathira masupuni atatu kapena anayi. Keke ija imakweradi mwachangu mu uvuni mpaka mtima kukhala pansi, koma poti mulibe chogwira mpweyawo imaphwa pakati isanatuluke n'komwe kapena ikangoyamba kuzizira, imasanduka ngati mbale. Kuonjezera apo imamveka kuwawira kwina kwake palilime. Mwataya fulawa, shuga, mafuta, moto wa ola lathunthu, ndipo munthu amene mumamuphikirayo, yemwe nthawi zonse amangoonerera anzake akudya poti iye sadya mazira, waonereranso.

Ena akaona pakati posapsa amaibwezera mu uvuni mphindi zina 20. Sizithandiza. Nthochi ili ndi shuga wake amene waonjezekera pa shuga wa resipi, ndiye kunja kumapserera msanga pomwe mkati mukadali chimodzimodzi. Kamzere kothina kapansi kaja si kusapsa, ndi keke imene inagwa pansi pa kulemera kwake, muiphike mpaka mawa sikachoka.

Mayi wina mlimi amene amaweta nkhuku zoikira anandifotokozera zake, mazira ali mbwee pakhomo koma mwana wake wamng'ono akangodya dzira thupi lonse ziwengo, milomo kutupa. Pa tsiku lobadwa la mwanayo anayesa ya nthochi ija kawiri konse, yonse kukanika, ndiye apongozi ake anamuuza kuti mayi, ingoikani dzira limodzi lokha, kapena chachikasu chokhacho, m'keke yonseyi mwana sangamve. Mwamwayi iye anakana. Ndinamuuza kuti munachita bwino kwambiri mayi, chifukwa simungalekanitse chachikasu ndi choyera osatsalira kanthu, ndipo kwa ana ena kochepa komweko n'kokwanira kuwatupitsa mpaka kubanika. Alipo ana ena amene dzira lophikidwa m'keke siliwavuta koma zimenezo amanena ndi adokotala, osati kuyesera pa mwana kukhitchini. Chizolowezi chomati "pang'ono sipapha" chimenechi tisiye ndithu. Chomwe chinamudabwitsa mayiyo n'choti keke yake yachitatu inatheka popanda nthochi ngakhale imodzi.

Chimene anthu safuna kumva n'choti si keke iliyonse imene mungachotsemo mazira. Ija ya siponji yomwe mumamenya mazira ndi shuga mpaka kuchita thovu, kufufuma kwake konse kumachokera ku thovu limenelo, mukachotsa mazira palibe keke yatsala, musavutike nayo. Resipi ya dzira limodzi kapena awiri ndiye imalola kusintha, chifukwa fulawa payekha amatha kunyamula keke yotero. Ikafika mazira atatu kupita m'tsogolo, isiyeni, pezani resipi imene inapangidwa yopanda mazira kuchokera pachiyambi.

Ndipo ngakhale zitatheka bwanji musayembekezere kuti ikhala ngati ya mazira. Keke ya mazira mukaidinikiza ndi chala imabwerera, mukaidula chidutswa chimaima chokha. Yopanda mazira imakhala yofewa, yachinyontho, siibwerera kwenikweni, imanyenyeka msanga m'mbali mwa mpeni, ndipo mkati mumakhala motuwirako chifukwa mtundu wachikasu uja umachokera ku dzira. Ya nthochi imakhala yolemerako ndipo fungo la nthochi silibisika, kaya muthire vanila wochuluka bwanji. Ya yogati imatuluka yofewa bwino koma yothinako pang'ono. Ya viniga ndi soda ndiye yopepuka kuposa zonse, koma ndi imenenso imanyenyeka kwambiri. Izi si kulephera, ndi m'mene ilili, bola pakati papse ndipo pansi pasakhale kamzere kaja.

Zochita zake mwachidule. Ngati resipi yanu ndi ya dzira limodzi kapena awiri, pa dzira lililonse ikani kota ya kapu ya nthochi yakupsa yokanyakanya, ndiye kuti pafupifupi theka la nthochi, kapena kota ya kapu ya yogati wopanda shuga. Yezani ndi kapu osati ndi maso. Mukhoza kuonjezera kota ya supuni yaing'ono ya bekingipauda pa dzira lililonse, osapitirira apo, ndipo ngati ndi nthochi chepetsaniko shuga.

Imene ndinamupatsa mayi uja ndi iyi, fulawa kapu imodzi ndi theka, shuga makota atatu a kapu, soda supuni yaing'ono imodzi, mchere theka la supuni yaing'ono. Pambali sakanizani madzi kapena mkaka kapu imodzi, mafuta ophikira masupuni aakulu 5, viniga supuni yaikulu imodzi ndi vanila pang'ono. Uvuni ukhale utatentha kale pa madigiri 180 ndipo thini ya masentimita 20 ikhale yopakapaka kale musanaphatikize zouma ndi zamadzi, chifukwa viniga akangokumana ndi soda mpweya umayamba kutuluka pompo, mukazisiya patebulo n'kumakayatsa moto mpweya wonse uthawa. Takasani pang'ono chabe mpaka fulawa asaoneke, mukatakasa kwambiri keke imatuluka yotamuka ngati labala. Mphindi 30 mpaka 35, osatsegula uvuni mphindi 25 zoyamba, kamtengo mukabaya pakati katuluke kouma. Musagwiritse thini yaing'ono yakuya, keke yopanda mazira imafuna kukhala yosazama kuti pakati papse.

Musaidule yotentha, idikireni izizire yonse, apo ayi ingoyoyoka m'manja. Ndipo mbale, chotakasira ndi thini zimene munaphikira keke ya mazira zitsukeni ndi sopo musanayambe, osapakanso dzira pamwamba kuti iwale, ndaonapo wina atachita zimenezo pa keke imene anavutikira kuchotsamo mazira.