Kukonza samu yolakwika posuntha kamtengo kamodzi ka machesi

Pa masewerawa munthu amayala timitengo ta machesi pamalo osalala n'kupanga samu yomwe yankho lake ndi lolakwika, monga 6 + 4 = 4, ndipo mnzake amayenera kusuntha kamtengo kamodzi kokha kuti samuyo ikhale yolondola. Anthu ambiri amayamba ndi kungonyamula timitengo uku ndi uku mpaka kutopa, ndipo akapeza yankho sadziwa ngati lilipo lina. Langizo langa ndi lakuti musanakhudze kamtengo kalikonse, dziwani kuti pa samuyo ndi nambala iti yomwe ingapereke kamtengo, ndi iti yomwe ingalandire, komanso ndi iti yomwe ingasinthe payokha.

Musanayambe, gwirizanani za kaumbidwe ka manambala, chifukwa mikangano yambiri imachokera pamenepa. Kaumbidwe kodziwika ndi kamene timaona pa kakyuleta, pomwe nambala iliyonse ili ndi malo asanu ndi awiri oikapo kamtengo: atatu ogona, pamwamba, pakati ndi pansi, ndiponso anayi oimirira, awiri kumanzere ndi awiri kumanja. Nambala 8 imadzaza malo onsewo. Manambala 0, 6 ndi 9 amatenga timitengo tisanu ndi kamodzi iliyonse, 2, 3 ndi 5 amatenga tisanu, 4 imatenga tinayi, 7 titatu, ndipo 1 imatenga tiwiri toimirira. Chizindikiro chophatikiza ndi timitengo tiwiri topingasana, chochotsera ndi kamodzi kogona, ndipo cholinganitsa ndi tiwiri togona. Timitengoto tikhale tofanana kutalika, ndipo ngati mukusewera ndi ana gwiritsani ntchito machesi oyatsa kale.

Nambala ingasinthe payokha pokhapokha ikusanduka ina ya timitengo tochuluka chimodzimodzi. Ndi chifukwa chake 0, 6 ndi 9 amasinthana onse atatu, ndipo 3 imasanduka 2 kapena 5. Pano chenjerani, chifukwa 2 ndi 5 sasinthana ngakhale onse ali ndi timitengo tisanu: timitengo tawo toimirira tili mbali zosiyana kumtunda ndi kumunsi komwe, choncho pamafunika kusuntha tiwiri. Zolandira kamtengo nazo n'zowerengeka. Nambala 1 ikalandira imakhala 7, 3 imakhala 9, 5 imakhala 6 kapena 9, ndipo 0, 6 ndi 9 amakhala 8. Chizindikiro chochotsera chikalandira koimirira chimakhala chophatikiza, chikalandira kogona chimakhala cholinganitsa. Zopereka ndi zomwezi mukaziwerenga chobwerera. Nambala 4 sipereka, silandira, ndipo sisintha payokha, kotero mukaiona musatayirepo nthawi.

Tiyeni tsopano titenge samu ija ya 6 + 4 = 4, yomwe ili ndi timitengo 18. Popeza 4 onse awiri sangasinthe, ntchito yonse ili pa 6 ndi pa zizindikiro ziwirizo. Yambani ndi 6 payokha. Mukachotsa kamtengo koimirira ka kumanzere kumunsi n'kukaika kumanja kumtunda mupeza 9 + 4 = 4, yomwe ndi yolakwikabe. Koma mukachotsa kogona ka pakati n'kukaika pamalo omwewo a kumanja kumtunda, 6 isanduka 0, ndipo 0 + 4 = 4 ndi yolondola. Limeneli ndi yankho loyamba. Musaime pamenepo, funsani kuti ndani angapereke kamtengo kwa 6 kuti ikhale 8. Chizindikiro chophatikiza chikapereka kamtengo kake koimirira chimatsala chochotsera, ndipo samu imakhala 8 − 4 = 4, yankho lachiwiri. Cholinganitsa chikapereka mutsala ndi 8 + 4 − 4, momwe mulibenso chizindikiro cholinganitsa, choncho si yankho. Chatsala ndi chakuti 6 ipereke kamtengo n'kukhala 5, koma palibe woti akalandire. Apa mwafika kumapeto, ndipo mungathe kunena motsimikiza kuti mayankho alipo awiri.

Komabe wina adzakuuzani kuti lilipo lachitatu, la 5 + 4 = 9, ndipo sakunama. Iye watenga kamtengo ka kumanzere kumunsi kwa 6 n'kukagoneka pamwamba pa 4 yomaliza, n'kupeza 9 wa timitengo tisanu wopanda kogona ka pansi, monga momwe makakyuleta ena amaonetsera. Yankholi limaloledwa kapena kukanidwa malinga ndi zimene munagwirizana poyamba paja. Ine ndimalangiza kuti woyala samu ayambe wayala manambala onse kuyambira 0 mpaka 9 pambali, kuti aliyense aone 6, 7 ndi 9 amene akugwiritsidwa ntchito. Gwirizananinso kuti kupingasa kamtengo pa chizindikiro cholinganitsa kuti chikhale ≠ n'kosaloledwa. Njira imeneyi imagwira pafupifupi pa samu iliyonse yolakwika, ndipo ikaloledwa sipatsalanso choti munthu aganizire.

Yankho lachiwiri lija limavuta anthu kuposa loyamba, ndipo chifukwa chake n'chofunika kuchidziwa. Kusukulu tinazolowera kuti manambala ndiwo amasintha pomwe zizindikiro zimakhala chikhalire, motero maso athu amalumpha zizindikirozo ngati kuti si timitengo. M'chaka cha 1999, Günther Knoblich ndi Stellan Ohlsson pamodzi ndi anzawo anasindikiza kafukufuku wa masamu otere olembedwa m'manambala achiroma, ndipo anapeza kuti masamu ofuna kusintha nambala, monga IV = III + III yomwe imakhala VI = III + III, anthu ankawatha mosavuta kusiyana ndi ofuna kusintha chizindikiro. Choncho mukaona kuti mwayesa manambala onse koma sizikutheka, yang'anani zizindikiro. Samu ya 2 − 7 = 5 imakonzeka osakhudza nambala ngakhale imodzi: tengani kamtengo kamodzi pa cholinganitsa n'kukaika pamwamba pa chochotsera, ndipo mupeza 2 = 7 − 5.

Pofuna kutsimikiza yankho, werengani timitengo musanasunthe ndiponso mutasuntha. Pa 8 − 4 = 4 tiyenera kukhalabe 18, ndipo tikapezeka 17 ndiye kuti munthu wachotsa kamtengo m'malo mokasuntha. Onaninso kuti malo amene mwachotsapo asiye nambala kapena chizindikiro chenicheni, osati chinthu chopunduka chofuna kuti wina achite kufotokoza kuti ndi nambala yanji.

Amene mukufuna kupangira ena masamu otere, yambirani ku samu yolondola n'kuiwononga posuntha kamtengo kamodzi, chifukwa mukatero mukudziwa kale kuti yankho lilipo. Mwachitsanzo, yalani 9 − 7 = 2, chotsani kamtengo ka kumanja kumtunda kwa 9 kuti ikhale 5, ndipo kapingaseni pa chochotsera kuti mupeze 5 + 7 = 2. Kenako ifufuzeni monga tachitira pamwambapa. Nambala 5 ikasintha payokha ipereka 3 + 7 = 2, 2 ikasintha ipereka 5 + 7 = 3, 7 ikapereka kamtengo kwa 5 mupeza 6 + 1 = 2 kapena 9 + 1 = 2, ndipo chophatikiza chikapereka mupeza 6 − 7 = 2 kapena 9 − 7 = 2. Mwa zimenezi yolondola ndi yomalizayo yokha, koma kamtengo ka chophatikiza mukakagoneka patsogolo pa 2 mupezanso 5 − 7 = −2, choncho samuyi ili ndi yankho limodzi pokhapokha ngati manambala ochepera 0 sakuwerengedwa.