Fumbi loopsa ndi lomwe simuliona

Inu obowola ndi kuphwanya miyala, musamaope fumbi lokhalo lomwe limaoneka ndi maso. Lalikulu limakodwa m'mphuno ndi kummero, mumalilavula. Loopsa ndi losalala kwambiri la silika, chinthu cholimba chopezeka m'miyala ndi mumchenga, lomwe limafika pansi penipeni pa mapapo.

Kumeneko maselo oteteza thupi amalimeza, koma mwala sugayika. Maselowo amafa, ena amadzamezanso, ndipo pamalopo pamapangika chipsera cholimba. Mapapo amasiya kufutukuka bwino. Imeneyo ndiye silikosisi. Nthawi zambiri imaonekera patatha zaka 10 kapena kuposerapo chiyambireni kupuma fumbilo, ngakhale munasiya ntchito kalekale, ndipo zipserazo sizichoka.

Choncho bowolani ndi kudula mwala madzi akuthirira pomwe chitsulo chikudya, osati kuwaza pambuyo fumbi litauluka kale. Osasesa pouma. Kansalu kapakamwa sikatchinga kanthu. Pamafunika masiki ya N95 yogwira nkhope bwino, ndipo ndevu zimasiya mpata.

Mukayamba kupuma mobanika pachitunda chomwe kale munkakwera bwinobwino, kajambulitseni chifuwa, ndipo muwauze adokotala zaka zomwe munagwira m'fumbi. Akuyezeninso TB, chifukwa silika imaitsegulira njira.