Khodi yanga inkandinamiza

Ndimagulitsa sopo ndi mafuta odzola ku Ulongwe, m'boma la Angonia. Ndinalipira achinyamata awiri otchuka pa Facebook kuti anditsatsire malonda, aliyense mametikali 2,000, ndipo aliyense ndinamupatsa khodi yake yochotsera mtengo.

Mwezi utatha, khodi ya woyamba inabweretsa ogula 40, ya wachiwiri 12 okha. Ndinatsala pang'ono kumusiya wachiwiriyo. Koma mtima unakana, chifukwa pa positi ya woyamba panali malaiki 30 okha mwa omutsatira 10,000, osakwana n'komwe m'modzi pa 100 aliwonse. Nanga ogula 40 anachokera kuti?

Nditafunsa mayi wina pakauntala, anati, "Achimwene, khodiyi ili m'gulu lathu la WhatsApp." Ogulawo anali makasitomala anga akale, ndipo ndinkangowachotsera mtengo pachabe!

Ndinasintha kuti khodi izigwira kwa wogula koyamba yekha, kwa masiku 7, ndipo aliyense wa awiriwo ndinamupatsa linki yakeyake ya `wa.me`, yotsegula WhatsApp yanga, yokhala ndi uthenga wotchula dzina lake. Mwezi wotsatira woyamba anabweretsa ogula atsopano 4, kutanthauza kuti ndinalipira mametikali 500 pa wogula aliyense, pamene wachiwiri anabweretsa 10, ndipo ndinalipira mametikali 200 pa wogula aliyense. Ndinapitiriza ndi wachiwiriyo.