Musachonge ndalama chifukwa chongofanana kuchuluka

Chikololereni chitowe chaka chino ndayendera makoparetivu anayi pakati pa Nchalo ndi Bangula, ndipo atatu ndawapeza ndi nthenda imodzi. Sitetimenti ikabwera kuchokera ku banki, msungichuma amatenga buku la ndalama, n'kuona K45,000 m'buku, n'kusakasaka K45,000 pa sitetimenti, akaipeza n'kuchonga. Basi, akuti wafananitsa. Tsiku saliyang'ana, nambala ya silipi saiyang'ana, dzina la wosungitsa alibe nalo ntchito.

Kale, gulu likamasungitsa kawiri pa mwezi, chizolowezi chimenechi chinkakhululukika. Lero mamembala akubweza okha ngongole ya mbewu, wina pa kauntala ku Nchalo, wina kwa ejenti pa msika, wina pa foni, ndipo onse akubweza ndalama yofanana chifukwa ngongoleyo munawagawira yofanana. K45,000 ya uyu ndi ya uyo sizisiyana nkhope.

Ndikuuzeni za gulu lina kufupi ndi Ngabu, dzina ndilisunga. Pa 30 Juni buku lawo linkati gulu lili ndi K1,312,500. Sitetimenti inkati K1,140,700. Kusiyana kwake K171,800. Mlembi wawo ndi mnyamata wodziwa kompyuta, ndipo anachita bwino kukopera mizere ya sitetimenti kuchoka mu PDF kuika mu Excel. Analakwitsa potsatira: anauza fomula yosakira ya mu Excel yotchedwa VLOOKUP kuti pa ndalama iliyonse ya m'buku isake inzake pa sitetimenti. M'buku munali ma K45,000 asanu, malisiti 211 mpaka 215, ndipo onse asanu kompyuta inati apezeka. Pa sitetimenti analipo anayi okha. VLOOKUP ikapeza mzere woyamba wofanana imaima pomwepo, ndipo mzere womwewo imaupereka kwa aliyense woufunsa, ngakhale atakhala anthu makumi awiri. Siidziwa kuti mzerewo waperekedwa kale. Wochonga ndi bolopeni nayenso amagwa m'mbuna yomweyi akamachonga m'buku mokha osachonga pa sitetimenti.

Nanga K171,800 ija anaitani? Komiti inalemba mzere umodzi pansi pa tsamba: "zolipira ku banki ndi zina". Nditafunsa, a tcheya anandiyankha modekha kuti, "Alangizi, banki imadula, tonse timadziwa." Inde imadula. Koma zimene yadula imazilemba pa sitetimenti mzere ndi mzere, ndipo mwezi umenewo titaziwonkhetsa zinangokwana K6,800. Mawu akuti "ndi zina" ndatopa nawo. Ndi mphasa imene timafunditsa chilichonse chimene tachita ulesi kuchifufuza, ndipo amene ali ndi dzanja lalitali m'komiti amadziwa bwino kuti mphasayo ilipo.

Titachotsa K6,800 panatsala K165,000. Mwa iyi, K120,000 inali yosavuta: msungichuma anailandira pa 30 Juni madzulo, nailemba m'buku tsiku lomwelo, koma inakalowa ku banki pa 1 Julayi. Silipi ilipo, ndipo pa sitetimenti ya mwezi wotsatira ikuoneka. Imeneyo siinasowe, inali pa njira. Panatsala K45,000, ndipo aliyense anapumira m'mwamba kuti vuto ndi lisiti imodzi yokha.

Tili pansi pa mtengo paja, dzuwa la ku Chigwa kuno likuwotcha ngakhale mu Julayi, panafika mayi wina wachikulire amene palibe anamuitana. Anamasula mfundo ya pa chitenje n'kutulutsa kapepala ka kwa ejenti, kopindapinda, inki itayamba kale kufufutika ndi thukuta. "Inu alangizi, ndiwerengereni apa. Ine ndinagulitsa matumba awiri a chitowe, ndinabweza ngongole pa 11. Koma anyamata a komiti anabwera kudzamasula mbuzi yanga yaikazi, ili ndi bere, ati sindinabweze." Anafotokoza za mbuziyo nthawi yaitali, kuti anaigula madzi osefukira atamutengera zonse, kuti imabereka awiriawiri. Sindinamudule pakamwa, chifukwa kapepala kali m'manja mwangamo kanali katayankha kale funso lathu. Nambala ya pa kapepalako inali yomweyo imene inali pa mzere wa pa 11 Juni pa sitetimenti. Ndalama ya mayiwa inalowa ku banki, koma m'buku simunalembedwe dzina lawo, poti iwo sanadziwe kuti silipi iyenera kupita kwa msungichuma. Mzere wawo unachongedwera lisiti ya munthu wina.

Ndiye werengani bwino. Mwa mizere inayi ya pa sitetimenti, itatu yokha ndiyo inali ya malisiti a m'buku. Malisiti awiri, 213 ndi 215, analibe silipi ya ku banki. Anthu ake anapereka ndalama m'manja kwa membala wa komiti pa tsiku la msika, analandira lisiti, koma ndalamayo ku banki siinafike. Buku titalikonza, kuwonjezera K45,000 ya mayi aja ndi kuchotsa K6,800, linafika pa K1,350,700. Sitetimenti titaiwonjezera K120,000 ya pa njira inafika pa K1,260,700. Dzenje lenileni linali K90,000, osati K45,000. Ndalama ya mayi aja inkakwirira theka la dzenjelo, iwo mbuzi atalandidwa. Zolakwika ziwiri zoyang'ana mbali zosiyana zimabisana chonchi, n'chifukwa chake kusiyana kwa pansi pa tsamba sikukuuzani kukula kwa vuto. Mbuzi inabwezedwa, koma mayiwo ndi achibale awo anena kuti chaka chamawa chitowe chawo akagulitsa kwa mavenda.

Zoyenera kuchita sizambiri, ndipo zina mukuzidziwa. Musanafananitse kanthu, yesani mizere imene mwakoperayo: ndalama yoyambira mwezi, kuwonjezera zonse zolowa, kuchotsa zonse zotuluka, ikupatseni ndalama yotsekera imene banki yalemba. Ikapanda kutero, pali mzere umene wadumphidwa kapena wabwerezedwa, kawirikawiri pamene tsamba likuthera, kapena zolowa ndi zotuluka zasakanikirana m'danga limodzi. Kumbukiraninso kuti Credit pa sitetimenti ndi ndalama yolowa kwa inu. Kenako werengani kuti ndalama yofananayo ikuoneka kangati mbali iliyonse; mu Excel, ngati ndalamazo zili m'danga D, lembani:

```
=COUNTIF(D:D,45000)
```

Uku zikatuluka 5, uko 4, imani pomwepo. Ngakhale zitafanana musakondwere msanga, fananitsani ndi nambala ya silipi poyamba, kenako tsiku, ndalama pomaliza. Mzere umodzi wa banki utenge lisiti imodzi, ndipo nambala ya lisitiyo muilembe pambali pa mzerewo kuti usagwirenso ntchito kawiri. Ngati msungichuma anasungitsa ndalama za anthu atatu pamodzi, manambala onse atatu alembedwe kuseri kwa silipi tsiku lomwelo. Kusiyana kukagawika ndi 9 bwinobwino, monga K9,000, yambani mwaona ngati wina sanalembe 54,000 m'malo mwa 45,000. Zotsala zosapeza mnzake zilembeni pa pepala lake, za m'buku padera, za ku banki padera, chilichonse ndi tsiku lake, ndipo chimene chadutsa sabata chisanaonekere ku banki muitane amene analandira ndalamayo.

Mapepala a kwa ejenti aja amafufutika msanga ndi kutentha kwa kuno. Auzeni mamembala awajambule pa foni tsiku lomwelo, kapena abweretse kwa msungichuma sabata isanathe.