Momwe mungafananitsire kaundula wa pulogalamu yanu ya masheya ndi akaunti ya kwa buloka m'mawa uliwonse

Pulogalamu yomwe imagula ndi kugulitsa masheya payokha imasunga kaundula wake: ili ndi masheya angati a kampani iti, ndipo yatsala ndi ndalama zingati. Buloka nayenso ali ndi kaundula wake wa akaunti yomweyo. Awiriwa akasiyana, weniweni ndi wa buloka, chifukwa ndi komwe kuli masheya ndi ndalamazo. Koma pulogalamu siidziwa kuti yasochera. Imapitiriza kuwerengera maoda atsopano potengera manambala ake olakwikawo, ndipo cholakwa cha dzulo chimabala china lero.

Ntchito ya m'mawa ndi iyi: msika usanatsegule, pulogalamu isanatumize oda ina iliyonse, ikani makaundula awiriwa pafupi, pezani pomwe asiyana, ndipo pezani chifukwa chake. Gawo lomalizali ndi lomwe ambiri amalumpha.

Zoyamba kutenga kwa buloka

Sankhani nthawi imodzi yokhazikika, mwachitsanzo ola limodzi msika usanatsegule. Pa nthawiyi buloka amakhala atamaliza kulowetsa za usiku monga komishoni ndi chiwongoladzanja, komanso ngati papezeka vuto muli ndi mpata wolifufuza. Mukafananitsa msika uli pakati, oda ikhoza kukwaniritsidwa pakati pa kufunsa kwanu koyamba ndi kwachiwiri, n'kukuonetsani kusiyana komwe kulibe.

Tengani zinthu zinayi: mndandanda wa masheya omwe ali mu akaunti ndi kuchuluka kwake, ndalama zotsala, zonse zomwe zachitika mu akaunti kuyambira pomwe munafananitsa komaliza, ndi maoda omwe akadali otsegula. Sungani yankho la buloka mu fayilo ya tsikulo monga momwe labwerera, musanalikhudze. Mawa manambala a pa akaunti adzakhala atasintha ndipo simudzathanso kuona momwe zinalili lero.

Pa ndalama samalani ndi nambala yomwe mukutenga. Pa akaunti pamaoneka manambala angapo ofanana maonekedwe. Wofunika ndi `cash`. Nambala ya `buying power` mu akaunti yololedwa kubwereka imaphatikiza ngongole yomwe buloka angakupatseni, ndipo `equity`, yomwe imaphatikiza ndalama ndi mtengo wa masheya anu, imakwera ndi kutsika ndi mitengo ya pamsika. Ziwirizi sizingagwirizane ndi kaundula wanu ngakhale zonse zili bwino. Palinso `settled cash`, ndalama za malonda omwe atsirizika kulipiridwa. Ku misika ya ku America, kuyambira pa 28 Meyi 2024, malonda a masheya amatsirizika pa tsiku lotsatira la ntchito. Ngati pulogalamu yanu imachotsa ndalama tsiku lomwe yagula, ifananitseni ndi nambala ya buloka yomwe imawerengera momwemonso, apo ayi mudzaona kusiyana komwe kumabwera ndi kutha kokha.

Yambani ndi kuchuluka kwa masheya

Kuchuluka kwa masheya kuyenera kufanana ndendende. Apa palibe zoti "zayandikira". Sheya imodzi ikasowa ndiye kuti pali chinachake chomwe pulogalamu sinachione.

```python
for s in sorted(set(athu) | set(abuloka)):
    d = abuloka.get(s, 0) - athu.get(s, 0)
    if d != 0:
        print(s, athu.get(s, 0), abuloka.get(s, 0), d)
```

Apa `athu` ndi kaundula wa pulogalamu, `abuloka` ndi wa buloka. Onani mzere woyamba: tikuphatikiza mayina a mbali zonse ziwiri. Cholakwa chofala n'kungoyenda pa mndandanda wa pulogalamu n'kumafunsa buloka za dzina lililonse. Mukatero, masheya omwe buloka ali nawo koma pulogalamu siikuwadziwa sadzaoneka konse, chonsecho amenewo ndi oopsa kwambiri, popeza palibe amene akuwayang'anira. Masheya ogulitsidwa mobwereka alembedwe ndi chizindikiro chochotsera mbali zonse. Mabuloka ena amapereka nambala yopanda chizindikiro n'kuika mbali yake pa malo ena, ndiye muisinthe kaye musanachotsere.

Mtengo wa masheyawo pamsika musaugwiritse ntchito pofananitsa. Buloka akhoza kuwerengera ndi mtengo wotsekera dzulo pomwe pulogalamu ikugwiritsa ntchito mtengo womaliza womwe inaona, ndipo mudzataya m'mawa wonse kusaka vuto lomwe kulibe.

Chitsanzo chathunthu

Tinene kuti dzulo m'mawa mbali zonse zinagwirizana: masheya 200 a kampani yomwe tingoitcha `ABC`, ndi ndalama zokwana madola 10,000.00. Masana pulogalamu inatumiza oda yogula masheya 300 a `XYZ` pa mtengo wosapitirira 20.00. Buloka atayankha kuti oda yalandiridwa, pulogalamu inalemba masheya 300 m'kaundula n'kuchotsa 6,000.00, kutsala 4,000.00.

Lero m'mawa buloka akuonetsa `ABC` 200, `XYZ` 220, ndi ndalama 5,643.80. Masheya asiyana ndi 80, ndalama zasiyana ndi 1,643.80.

Musakhudze kaundula panobe. Tsegulani mndandanda wa zochitika za dzulo. Oda ija inakwaniritsidwa mwa zigawo: masheya 120 pa 19.98, kenako 100 pa 20.00. Otsala 80 sanapeze wogulitsa pa mtengowo, ndipo popeza oda inali ya tsiku limodzi, inafa msika utatseka. Ndiye kuti madola 1,600.00, omwe ndi 80 kuchulukitsa ndi 20.00, sanatuluke mu akaunti. Pa 1,643.80 paja patsala 43.80 zoti tifotokoze.

Masheya 120 oyamba anagulidwa motsika ndi 0.02 iliyonse, zomwe zikupanga 2.40. Patsala 41.40. Buloka anadula komishoni ya 1.10 yomwe pulogalamu sinalembe. Imeneyi imatsitsa ndalama za kwa buloka, choncho zomwe tikusaka zikwera kufika pa 42.50. Pansi pa mndandandawo pali dividendi ya `ABC`: 0.25 pa sheya, masheya 200, zonse 50.00, ndipo msonkho wa 7.50 wadulidwa zisanalowe. Zotsala ndi 42.50. Kusiyana konse kwafotokozeka mpaka senti yomaliza.

Taonani kuti mu nambala imodzi ija munabisala zinthu zinayi, ndipo china chinkakokera kumbali ina. N'chifukwa chake kusiyana kochepa sikutanthauza kuti vuto ndi lochepa. Zolakwa ziwiri zazikulu zikhoza kudyana n'kusiya madola atatu okha.

Mukanapanda kufananitsa, pulogalamu ikanatumiza oda yogulitsa `XYZ` 300 nthawi yotuluka itakwana. Mu akaunti wamba oda yotere imakanidwa, ndipo masheya onse 220 amakhalabe m'manja mwanu pomwe munafuna kutuluka. Mu akaunti yololedwa kubwereka ikhoza kudutsa, n'kukusiyani ndi ngongole ya masheya 80 omwe simunafune kubwereka.

Kukonza kwake

Chiyeso chachikulu n'kungofufuta 300 n'kulemba 220, kufufuta 4,000.00 n'kulemba 5,643.80. Manambala agwirizana ndithu, koma mwakwirira umboni, ndipo chomwe chinayambitsa vutolo chikadali m'pulogalamu. Chitani chonchi: bwezani cholemba cholakwika chija ndi cholemba china chochitsutsa, kenako lowetsani chochitika chilichonse pachokha, zigawo ziwiri za oda, komishoni, dividendi ndi msonkho, chilichonse ndi nambala yake ya kwa buloka. Nambalayo ndi yomwe imateteza kuti chochitika chimodzi chisalowe kawiri mukayendetsanso ntchitoyi. Mukatero fananitsaninso. Zikagwirizana, konzani gwero lake: pulogalamu izilemba masheya pokhapokha buloka wanena kuti agulidwa, osati pamene oda yangolandiridwa, ndipo izidziwa kuti `partially filled`, oda yokwaniritsidwa gawo chabe, si `filled`, oda yokwaniritsidwa yonse.

Kusiyana kwina kumadziwika ndi maonekedwe a nambala. Buloka akaonetsa kawiri ndendende zomwe pulogalamu inafuna, kawirikawiri intaneti inaduka oda itafika kale, pulogalamu sinamve yankho, n'kutumizanso. Mankhwala ake ndi kupatsa oda iliyonse `client order id` yake, nambala yomwe pulogalamu imaika yokha pa oda, ndi kufunsa kaye za nambalayo musanatumizenso. Masheya akachuluka kanayi kapena kakhumi koma ndalama osasuntha, kampani yagawa masheya ake, monga inachitira Apple mu Ogasiti 2020, sheya imodzi kukhala zinayi, kapena Nvidia mu Juni 2024, imodzi kukhala khumi. Pamenepo chulukitsani masheya, gawani mtengo wogulira, ndipo yang'anani maoda otsegula, chifukwa mitengo yake ndi yakale ndipo buloka akhoza kukhala atawasintha kapena kuwafafaniza. Dzina lina likasowa kwa buloka n'kutulukira lina lachilendo ndi kuchuluka komweko, dzina la pamsika lasintha, ngati `FB` itasanduka `META` mu Juni 2022. Ndipo musaiwale munthu. Wina akagula kapena kugulitsa pamanja mu akaunti yomweyo, pulogalamu siimva chilichonse.

Maoda otsegula afananitseni mofanana ndi masheya, mbali zonse ziwiri. Oda yomwe pulogalamu ikuganiza kuti inaifafaniza koma kwa buloka ikadali yamoyo ndi kusiyana kwa mawa komwe kukungodikira.

Malire, ndi nthawi yoimitsa pulogalamu

Pa ndalama mukhoza kulola kusiyana kwa masenti ochepa obwera chifukwa cha kuzunguliza manambala, koma malirewo akhale nambala yokhazikika, monga 0.05, osati gawo la ndalama zonse. Gawo limodzi pa 1,000 la akaunti ya 100,000.00 ndi madola 100, okwanira kubisa komishoni za masabata angapo. Masenti ambiri osowa amachokera m'pulogalamu momwemo: mu Python, `0.1 + 0.2` imatulutsa `0.30000000000000004`. Sungani ndalama ndi `Decimal("19.98")`, yochokera ku malemba, kapena ngati masenti athunthu. Ndipo masenti omwe mwalola aja muziwalemba tsiku ndi tsiku. Akamagwera mbali imodzi yokha masiku onse, si kuzunguliza ayi, pali kandalama komwe buloka akudula komwe simukulemba.

Lamulo loimitsa likhale m'pulogalamu, lisadalire kuti mwadzuka bwanji. Masheya akasiyana, kapena ndalama zikapyola malire, pulogalamu isatsegule malonda atsopano mpaka munthu ataona. Chimodzimodzi ngati buloka sanayankhe. Apa pali msampha: kufunsa kukalephera, mapulogalamu ena amabweza mndandanda wopanda kanthu, ndipo yanu ikhoza kumva ngati akaunti ilibe masheya, n'kugulanso zonse. Siyanitsani "palibe masheya" ndi "sindinapeze yankho". Uthenga uzibwera kwa inu ngakhale zonse zagwirizana, chifukwa ngati umabwera pa vuto pokha, tsiku lomwe ntchito yofananitsayo yalephera kuyamba mudzaganiza kuti kuli bwino.

Zonse zikagwirizana, sungani masheya, ndalama, nthawi mu `UTC` ndi nambala ya chochitika chomaliza chomwe mwalowetsa. Mawa mudzafunsa buloka kuyambira pa nambala imeneyo, osati pa deti chabe, popeza tsiku la buloka ndi la kompyuta yanu sizisinthira pa ola limodzi, ndipo chochitika cha pakati pa usiku chikhoza kugwera pampata.